Babelo, madambelo kapena makina: yankho kwa wodula nzimbe amene phewa likumubaya pa benchi

"Ndili ndi zaka 41, ndimadula nzimbe ku Nchalo ndipo ndanyamula zitsulo kwa zaka zitatu. Pa benchi ndimakankha makilo 70 ka 8, koma kwa miyezi iwiri tsopano phewa lakumanja limandibaya kutsogolo babelo ikafika pachifuwa, ndipo dzanja lamanzere limatsalira pokwera. Ku jimu kwathu kuli babelo, madambelo a makilo 15, 20, 25 ndi 30, komanso makina okankha utakhala, owotcherera konkuno. Kawirikawiri ndimakhala ndekha madzulo. Anzanga akuti madambelo ndi makina ndi za ofooka. Nditenge chiti?"

Achimwene, tengani madambelo, ndipo babelo muyambe mwaipumitsa kwa masabata 6 mpaka 8. Makinawo muwayese kaye opanda katundu, akakugwirizanani akhale omalizira tsikulo. Ndanena msanga kuti musachite kudikira, koma ndikupemphani muwerenge mpaka pansi, chifukwa madambelo akagwiridwa molakwika amavulaza phewa kuposa babeloyo, ndipo amene muli nawowo ali ndi vuto lawolawo lofunika kulikonzekera.

Tiyambe ndi chimene chikuchitika babelo ikamatsika. Mutu wa fupa la mkono umakhala m'kachikho kosazama kwenikweni, ndipo chimene chimaugwira kuti usasewere ndi timinofu tinayi tozungulira phewa, pamodzi ndi msempha wa katumba umene umadutsa chakutsogolo. Mukagona pa benchi n'kutsitsa chitsulo, chigongono chimapita kunsi kwa thupi. Chikapitirira kwambiri, makamaka chitatambasukira kumbali ngati mapiko a nkhuku, mutu wa fupa uja umakankhira kutsogolo n'kufinya zonse zili pamenepo. Ndi malo omwewo amene mukuti akukubayani, ndiponso ndi nthawi yomweyo, pansi penipeni. Phewa limenelo ndi lomwe lakhala likugwetsa chikwanje kuyambira mbandakucha, kambirimbiri, tsiku ndi tsiku nyengo yonse yodula. Likamafika ku jimu madzulo limakhala latopa kale, timinofu togwira tija tatha mphamvu, kenaka mukulisenzetsa makilo 70 pamalo amene silingathe kudzitchinjiriza.

Babelo ili ndi khalidwe limodzi limene ndi ubwino wake komanso vuto lake: imamanga manja awiri pa ndodo imodzi yowongoka. Zikhatho zimayang'ana kumapazi, sizingatembenuke. Mtunda wa pakati pa manja mukausankha poyamba umakhala womwewo mpaka mutamaliza. Ndipo malire otsikira ndi chifuwa chanu, kaya phewa likufuna kufika pamenepo kaya ayi. Munthu wa chifuwa chotukumuka ndi mikono yaifupi, ndodo imagunda msanga chigongono chisanapite patali. Munthu wowonda wa mikono yaitali, monga ambiri amene ndawaona akugwira ntchito za m'munda kuchigwa kuno, chigongono chimatsika kwambiri ndodo isanakhudze nthiti. N'chifukwa chake anthu awiri amatha kugona pa benchi imodzi, katundu yemweyo, wina akudzuka akuseka wina atagwira phewa.

Komabe kumangidwa kwa manja kumeneku n'kumene kumapatsa babelo mphamvu. Thupi silivutika kwambiri kuletsa chitsulo kugwedezeka, ndiye mphamvu yonse imapita kokankha. Ofufuza ena ku Norway mu 2011 anayesa amuna ozolowera zitsulo pa benchi, ndipo anapeza kuti katundu wa madambelo awiri ukaphatikizidwa unkachepa ndi pafupifupi 17 pa 100 poyerekeza ndi wa pa babelo. Anzanu aja akuona zimenezi n'kumati madambelo ndi a ofooka. Koma mnofu wa pachifuwa suwerenga manambala. Umangomva kukokedwa ndi kutopa. Pa nkhani yokulitsa minofu, zitsulo zapamanja ndi makina zimabereka zofanana ndithu ngati munthu akulimbikira mofanana. Kusiyana kuli pakuti munthu amakhala katswiri pa chimene amachita kawirikawiri: wa babelo amakwera msanga pa babelo, wa makina amakwera pa makina. Mukanakhala kuti mukukonzekera mpikisano wa benchi ndikanakuuzani zina. Inu simunatchule mpikisano, mwatchula phewa ndi ntchito imene imadyetsa banja.

Tisanaimbe mlandu dzanja lamanzere, ndikufuna muyambe mwaimba mlandu zitsulozo. M'majimu athu ambiri mapuleti ndi a simenti owumbidwa m'beseni kapena m'thayala, ena ndi zitsulo zochotsa kugalimoto, ndipo nambala yolembedwa ndi penti ija ndi yongoyerekeza. Puleti lina linabenthuka m'mphepete, lina linamwa madzi nthawi ya mvula, lina anathira miyala yambiri powumba. Ndinatengapo mapuleti awiri olembedwa 20 n'kupita nawo pa sikelo ya wogula mbewu, limodzi linali 18 linalo 21 ndi theka. Mnyamata amene ankawagwiritsa ntchito anali atatha chaka chathunthu akudandaula kuti dzanja lake limodzi n'lofooka. Choncho chitani chonchi: sinthanitsani mapuleti, akumanzere apite kumanja. Ngati dzanja lotsalira lasinthanso, vuto ndi simenti osati inu. Kenaka tengani chingwe muyeze ndodoyo, mupeze pakati pake, mulembe ndi penti kapena mukulunge tepi pamene dzanja lililonse liyenera kugwira. Babelo ya kufakitale ya amuna imalemera makilo 20, kutalika mamita 2.2, ndipo ili ndi mizere yokuuzani pogwira. Yathu ya paipi ilibe chilichonse, ndiye munthu amagwira mopendekera zala ziwiri kapena zitatu osadziwa, ndipo zimenezo n'zokwanira kupendeketsa chitsulo chonse. Madambelonso muwayeze onse asanu ndi atatu, chifukwa zonse ndinene kutsogoloku zidalira manambala oona.

Ngati mwasinthanitsa koma lamanzere likutsalirabe, ndiye n'zoona kuti lakumanja linalimba ndi chikwanje. Pa babelo zimenezi zimabisika moipa. Dzanja lamphamvu limathamangira kumaliza, phewa lake limadzuka pa benchi n'kutsogola, thupi limapotoka pang'ono. Ndiye phewa lomwe likuwawalo ndi limene likugwira ntchito yowonjezera pa repu iliyonse yovuta, ndiko kuti pa kukankha kulikonse kovuta. Apa ndi pamene madambelo amaposa zinazo kwa inu, chifukwa dzanja lililonse limasenza katundu wake, palibe kubwerekana.

Ubwino waukulu wa madambelo ndi wakuti dzanja limamasuka kutembenuka. Gwirani zikhatho zitayang'anizana, kapena zitapendekera pang'ono pakati pa kuyang'anizana ndi kuyang'ana kumapazi. Mukatero zigongono zimabwerera zokha kufupi ndi nthiti. Sindikuti muzimatike kunthiti ayi. Pakati pa mkono ndi thupi pakhale mpata wa theka la ngodya ya nyumba, madigiri 45 kapena kupitirirako pang'ono. Musanakankhe, kokerani mapewa kumbuyo ndi kunsi ngati mukufuna kupana pensulo pakati pa msana, chifuwa chitukuke, ndipo mapewawo akhale omatirira pansi mpaka seti ithe, ndiko kuti marepu onse amene mukuchita motsatizana musanapume. Anthu ambiri amene phewa limawabaya kutsogolo amamva kusintha tsiku lomwelo akangosintha magwiridwe amenewa.

Tsopano chenjezo lija. Pa babelo ndodo imagunda chifuwa n'kuima. Pa madambelo palibe chokuimitsani, manja amatha kutsika kupitirira chifuwa, ndipo munthu akatopa amangowasiya agwe mpaka phewa litakokedwa ngati uta. Kwa phewa labwinobwino kutsika kumeneko kumakoka bwino mnofu. Kwa phewa lanu panopa ndi poizoni. N'chifukwa chake masabata atatu oyamba sindikufuna mugone pa benchi n'komwe. Yalani mphasa kapena katoni pansi, mugone chagada, mawondo opinda, mapazi atapondetsa. Tsitsani madambelo pang'onopang'ono, masekondi awiri kapena atatu, mpaka kumbuyo kwa mkono kukhudze pansi. Imani kaye kamphindi osafooketsa thupi, kenaka kankhani. Pansipo ndi pamene pakhale malire anu, chigongono sichingapitirire thupi ngakhale mutatopa bwanji. Musamenyetse zigongono pa simenti, zikhudze mwaulemu ngati mukuika dzira.

Katundu woyambira ndi makilo 15 dzanja lililonse tsiku loyamba, kungoti mumve njira. Ndikudziwa kuti kwa munthu wa makilo 70 zimveka ngati masewera. Tikatenga 17 pa 100 ija n'kuchotsa pa 70 tikupeza pafupifupi 58, kutanthauza 29 dzanja lililonse, ndiye mtima ukuuzani kuti mutole a 30 aja. Musatero. Chiwerengero chija ndi cha anthu ozolowera kale madambelo, a mapewa osawawa. Inu manja azigwedezeka sabata yoyamba ngati mwana wophunzira njinga, lamanzere likupita kwake lakumanja kwake, ndipo kugwedezeka kumeneko ndi makilo 30 pamwamba pa nkhope si chinthu chosewera nacho. Ulendo wachiwiri kapena wachitatu wa ku jimu pitani pa 20, ndipo pamenepo ndi pamene mukhazikike.

Lamulo la marepu ndi ili: dzanja lamanzere ndilo likulamula. Likafika poti latsala ndi marepu awiri okha m'thupi, seti yatha, ngakhale lakumanja likumva ngati lingapitirize kasanu. Maseti atatu, kupuma mphindi ziwiri kapena zitatu pakati, kawiri pa sabata, masiku otalikirana monga Lolemba ndi Lachisanu. Mukatero lamanzere limakwera pang'onopang'ono kufikira mnzake, pamene lakumanja likupeza mpata wopola popanda kusiyiratu ntchito.

Ululu muziupatsa nambala, kuyambira 0 mpaka 10. Kumva kanthu kofika 2 kapena 3 pokankha, kosakula seti ndi seti, kumene pofika mawa lake kwabwerera mwakale, si vuto, pitirizani. Koma ngati kukubaya mpaka mukusintha nkhope, kapena mawa lake mukulephera kuvula malaya bwinobwino, mwapitirira muyeso, bwererani pa katundu wam'mbuyo. Nthawi yabwino yoweruzira ndi mmawa pogwira chikwanje, chifukwa pa jimu thupi likatentha limabisa zambiri.

Pali zizindikiro zina zimene yankho lake si kusintha chitsulo. Phewa likamakudzutsani usiku uliwonse, mukamalephera kukweza mkono kupitirira mutu kapena ukamangogwa wokha potsitsa, zala zikamachita dzanzi, kapena munamvapo kuthetheka kenaka pachifuwa kapena pamkono n'kuda magazi, pitani kuchipatala cha boma ku Chikwawa kapena chilichonse chili pafupi, akakupimeni ndi manja, ndipo ngati n'kofunika akutumizeni kwa a mafizo. Chimodzimodzi ngati masabata 6 atha mukuchita zonsezi koma palibe kusintha. Ndipo ululu wofinya pakati pa chifuwa wobwera ndi phuma, wofalikira kumkono kapena kunsagwada, umenewo si wa phewa ayi, ndi wothamangira nawo kuchipatala nthawi yomweyo.

Tibwere ku vuto la madambelo anu, limene anthu ambiri saliona mpaka litawagwetsa. Pa babelo mukafuna kukwera mumawonjezera makilo awiri ndi theka pa 70, komwe ndi kukwera kosafika 4 pa 100. Thupi silidabwa. Koma kuchoka pa dambelo la 20 kupita pa la 25 ndi kukwera 25 pa 100 nthawi imodzi, zofanana ndi kuchoka pa 70 kupita pa 87 ndi theka pa babelo mu tsiku limodzi. Palibe angachite zimenezo mwadala, koma pa madambelo anthu amachita sabata iliyonse chifukwa nambala 5 imaoneka yaing'ono. Kenaka amati madambelo anawapweteka.

Njira yake ndi kukwera ndi marepu musanakwere ndi makilo. Tinene kuti pa 20 mwayamba ndi marepu 10, 9 ndi 8. Tsiku lotsatira yesani kuwonjezera repu imodzi pa seti imodzi kapena ziwiri. Lembani m'kabuku kapena pafoni, chifukwa mutu umanama. Musakhudze a 25 mpaka mutafika marepu 15 pa maseti onse atatu, otsika mwaulemu, popanda kubaya. Chifukwa chake n'chakuti munthu wokankha 20 ka 15 amakhala ndi mphamvu yokankha 25 pafupifupi ka 6. Mukalumpha muli pa marepu 10, a 25 aja muwakankha kawiri kokha mwina katatu, mokakamiza, mapewa atadzuka, ndipo mubwerera pamene munayambira. Mukafika pa 25 musasiyiretu a 20. Chitani seti imodzi kapena ziwiri za 25 ka 6, yomaliza mubwerere pa 20 ka 12 kapena kuposa. Pakatha masabata angapo maseti onse adzakhala a 25, ndipo ulendo uyambirenso, mpaka 14 kapena 15 musanaganize za 30.

Ngati mwini jimu ndi womvetsa, pali njira yachidule. Wowotcherera aliyense pa Nchalo kapena pa Ngabu angathe kudula tizitsulo tiwiri ta kilo imodzi kapena imodzi ndi theka, tobowola pakati, toti tilowe kumapeto kwa dambelo ngati lili ndi malo. Ngati lilibe, sokani timatumba tiwiri ta mchenga ta kilo imodzi tomanga pamkono pafupi ndi dzanja. Mukatero pakati pa 20 ndi 25 pamabadwa masitepe ena. Chimene ndikukanizani ndi kumangirira chitsulo ku dambelo ndi mphira wa chubu cha njinga. Mphira ndi kutentha kwa kuno sizimvana, umaduka osachenjeza, ndipo chimene chili kunsi kwake ndi mano anu.

Masabata atatu akatha bwino, bwererani pa benchi ndi madambelo omwewo a 20, koma mutsike kufika pamene mkono walingana ndi thupi, ngati kuti pansi paja pakadalipo. Sabata ndi sabata muziwonjezera kutsika ndi chala chimodzi kapena ziwiri, mpaka zogwirira zifike cha m'mbali mwa chifuwa. Madambelo a simenti owumbidwa m'zitini amakhala aakulu mitu, amagunda chifuwa msanga, ndipo kwa inu panopa umenewo ndi mwayi. Pa benchi ngozi imachitikanso pogona ndi podzuka muli ndi madambelo, osati pokankha pokha. Khalani kumapeto kwa benchi, madambelo ataimirira pa ntchafu pafupi ndi mawondo. Gonani chambuyo mukuwakankha ndi mawondo kuti afike pachifuwa limodzi ndi inu, zigongono zili pafupi ndi thupi. Pomaliza kwezani mawondo, madambelo atsamire pa ntchafu, kulemera kwawo kukudzutseni. Musatolere dambelo pansi mutagona kale, mkono utatambasukira kumbali, chifukwa kutola kumodzi kotero kungawononge zimene mwasamala mwezi wonse. Pa masabata ogona pansi aja, khalani tsonga madambelo ali pa ntchafu, kenaka mugone nawo chimodzimodzi.

Za makina ndinena mosamala, chifukwa makina si chinthu chimodzi. Ubwino wawo ndi woonekeratu kwa munthu wokhala yekha madzulo: sangakupanikizeni, safuna kuti muwakhazike, ndipo mungakankhe mpaka mnofu utatheratu popanda mantha. Tsiku limene mwachokera kumunda manja akunjenjemera, makina abwino ndi bwenzi. Koma njira imene zogwirira zimayenda inasankhidwa ndi amene anawapanga, ndipo pa makina owotcherera kwathu kuno kawirikawiri amayezera pa thupi la mwini jimu kapena pa chithunzi cha pafoni. Njirayo ikasemphana ndi phewa lanu, phewa ndi limene limagonja, repu iliyonse, pamalo amodzimodzi.

Ndiye ayeseni chonchi, opanda puleti ngakhale limodzi. Khalani, msana utsamire, mapewa kumbuyo. Onani pamene zogwirira zili. Ziyenera kulingana ndi pakati pa chifuwa, cha pa mawere, osati pakhosi kapena pamapewa. Zikakhala m'mwamba ndiye kuti mpando watsika, zigongono zidzakwera n'kutambasuka, ndipo kubaya kuja kudzabwera. Ngati mpando sukwera, ikani thabwa kapena katoni yopinda mukhalepo. Chachiwiri, onani pamene zogwirira zimayambira. Ngati muyenera kubweza manja kumbuyo kupitirira chifuwa kuti muzigwire, ndiye kuti repu yoyamba mukuiyambira pamalo oipitsitsa, katundu yense ali chiimire. Makina a kufakitale ena amakhala ndi chopondera ndi phazi chobweretsa zogwirira kutsogolo. Ngati anuwo alibe ndipo chotsamira sichibwerera m'mbuyo, musaike pilo kumsana, chifukwa pilo amakusendezani kutsogolo n'kukulitsa vutolo. Pemphani wina akukankhireni zogwirira poyamba, kapena asiyeni. Chachitatu, kankhani dzanja limodzilimodzi pang'onopang'ono mumve ngati pali pamene akukakamira. Fumbi la chilimwe likasakanikirana ndi girisi wakale limauma ngati phala, ndipo chinyezi cha nthawi ya mvula chimabweretsa dzimbiri, mwakuti mbali imodzi imatha kulemera kuposa inzake mapuleti ali ofanana. Ngati pali zogwirira zoimirira, zoti zikhatho ziyang'anizane, gwirani zimenezo.

Akapambana mayeso atatuwa, chitanipo maseti awiri a marepu 12 mpaka 15 mukamaliza madambelo, ndipo pobwerera muziimitsa manja asanafike pachifuwa. Nambala ya pa makina musaiyerekeze ndi ya babelo kapena ya makina a ku Blantyre. Kutalika kwa chitsulo chokankhira ndi malo amene puleti lakhala zimasintha kulemera kwenikweni, mwakuti 60 pa makina ena ndi 40 pa ena. Muziwayerekeza ndi iwo okha, sabata ino ndi sabata yatha. Akalephera mayeso, palibe chimene mwataya, onjezerani seti imodzi ya madambelo basi.

Chinthu chimodzi chimene sichinali m'funso lanu koma sindingachisiye: pa seti iliyonse yokankha chitaniko seti yokoka. Tsamirani dzanja limodzi ndi bondo pa benchi, kokerani dambelo la 20 kapena 25 chakuchiuno, marepu 10 mpaka 12 mbali iliyonse. Minofu yakumsana imeneyo ndi imene imagwira mapewa kuti asadzuke pokankha. Ndipo miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo mwakhala m'munda kuyambira usiku, chepetsani maseti akhale awiri, imwani madzi musanayambe, ndipo mukhale ndi kansalu kopukutira zikhatho ndi zogwirira. Paipi yosalala m'dzanja la thukuta imaterereka ngati mlamba. Choko wa kusukulu wophwanya angathandizeko pang'ono. Chala chachikulu chizizungulira chogwirira nthawi zonse, kaya ndi dambelo kaya babelo.

Pa zokhala nokha ndikulankhula zimene ndinaziona ndi thupi langa. Zaka zapitazo ndinatsala ndekha m'jimu ina madzulo magetsi atazima, ndikukankha ndi kuwala kwa foni. Repu yomaliza inakana pakati, chitsulo chinabwerera pachifuwa, ndipo mapuleti ndinali nditawamanga mbali zonse ziwiri. Sindikanatha kupendeketsa kuti agwe. Ndinachigubuduza pang'onopang'ono kudutsa pamimba mpaka pa ntchafu, mpweya ukubanika, ndipo mikwingwirima yake ndinayenda nayo masabata awiri. Chikanagubudukira kukhosi sindikanalemba izi. Ndi madambelo, repu ikakana mumangowatsitsira m'mbali, kawirikawiri choipa chimene chimachitika ndi simenti kusweka n'kukangana ndi mwini jimu. Ngakhale phewa lanu likanakhala labwino, mfundo iyi yokha ikanandichititsa kukukankhirani ku madambelo masiku amene mulibe mnzanu.

Babelo mudzabwererako, ngati mukuifunabe. Chizindikiro chake si kalendala yokha ayi, koma ichi: mukukankha madambelo a 25 ka 10 pa benchi, mukutsika mpaka m'mbali mwa chifuwa, manja onse akukwera limodzi, ndipo kwa masabata awiri otsatizana mmawa phewa silikudandaula. Tsiku limenelo muyambe ndi makilo 40, osati 70. Manja muwabweze mkati kuposa kale, mtunda wa pakati pawo usapitirire kutambalala kwa mapewa anu kamodzi ndi theka. Njira yosavuta yoonera n'njakuti ndodo ikafika pansi, mikono kuchokera m'zigongono kufika m'manja iime chilili, osapendekera kunja kapena mkati. Ndodo itsikire kunsi kwa mawere pang'ono, ndipo pokwera ibwerere chakumapewa. Masabata oyamba pindani thaulo kanayi muike pachifuwa kuti ndodo iime msanga, kenaka muzichepetsa mapindo. Onjezerani makilo awiri ndi theka pa sabata, kamodzi pa sabata, tsiku limene mnzanu waima kumutu kwanu, ndipo tsiku linalo likhalebe la madambelo. Kubaya kukabwerera pa 55 kapena pa 60 pamene pa madambelo kulibe, phewa lanu layankha funso lanu lokha, ndipo nyengo yodula ikadalipo mukhale pa madambelo, babelo mudzaiyesenso nzimbe zikatha.